Ndakatulo ya nkhondo isauze munthu kuti aope

"Ndikulemba ndakatulo ya atengatenga a pa nkhondo ya 1914, koma amene ndawawerengera akuti ikumveka ngati ulaliki. Mawu oti 'zoopsa', 'chisoni' ndi 'mtsinje wa magazi' alimo ambirimbiri. Ndiwerenge ya ndani kuti ndione mmene ena amachitira?"

Achimwene, yambani ndi "Dulce et Decorum Est" ya Wilfred Owen, msilikali wa ku Mangalande. Anailemba mu 1917 ali kuchipatala cha Craiglockhart ku Edinburgh, ndipo anaphedwa pa 4 Novembala 1918, kutangotsala sabata imodzi kuti nkhondo ithe. Ili ndi mizere 28 yokha. Iwerengeni muli ndi pensulo, muzilemba pambali chilichonse chimene diso lingaone kapena khutu lingamve.

Mizere 8 yoyamba mulibe kumenyana. Asilikali akuchoka kumene kukuphulika mabomba, akupita kokapuma. Awerama ngati nkhalamba zopemphapempha zitasenza matumba, akutsokomola, akuyenda m'matope ali mtulo. Ambiri nsapato zinatayika, ndiye chimene chakuta mapazi awo ndi magazi. Nsapato yotayikayo ndiyo ikugwira ntchito imene inu mwaipatsa mawu oti "chisoni". Aliyense anapondapo mwala ndi phazi losavala, choncho thupi la wowerenga limamva lokha.

Kenako mpweya wa poizoni wafika, anthu akulimbana ndi zophimba kumaso manja akunjenjemera. Mmodzi wachedwa. Apa onani pamene wolembayo waima. Iye wavala kale chake, ndipo mnzakeyo akumuonera pa timagalasi ta chophimbacho tochita nthunzi, m'kuwala kobiriwira, ngati munthu womira m'madzi. Mdani saoneka ngakhale kamodzi, ndipo pakufa munthu mmodzi yekha. Anthu zikwizikwi akafa m'ndakatulo wowerenga amangomva chiwerengero, koma mmodzi amatha kumuyang'ana kumaso. Kumapeto amuponya m'ngolo, ndipo ngolo ikangogwedezeka magazi akumveka kukhosi kuchokera m'mapapo odzaza thovu. Mneni woti kuponya ndi woopsa kuposa magaziwo, chifukwa ukuonetsa kuti anzake atopa moti munthu wamoyo akumunyamula ngati thumba.

Mawu akuluakulu alimo, koma akubwera m'mizere iwiri yomaliza. Ndi a mlakatuli wachiroma Horace, onena kuti kufera dziko lako ndi kokoma ndi koyenera, ndipo Owen akuwatcha bodza lakale. Akanayamba nawo, nayenso akanamveka ngati mlaliki. Kwa ine ndime yomalizayo ili ndi zifanifani zina zonenepa, monga nkhope ya mdierekezi, ndipo sizifika pa nsapato ija. Musazitengere.

Mukamaliza, onaninso "The Death of the Ball Turret Gunner" ya Randall Jarrell wa ku Amereka, ya 1945. Ndi mizere 5. Wolankhula ndi msilikali wowombera mfuti ali m'kachipinda ka pansi pa ndege, ndipo kuopsa kwa imfa yake timakudziwira pa mmene anzake anatsukira kachipindako ndi paipi ya madzi.

Tsopano yanuyo. Dulani mzere pansi pa mawu onse ouza wowerenga zoti amve, ndiye pa lililonse mudzifunse kuti munthu amene analipo anaona chiyani. Mpweya wa poizoni ndi ngalande za ku Ulaya muzisiye komweko. Atengatenga a ku Nyasalande ambiri sanafe ndi zipolopolo. Anatha ndi kamwazi, malungo, njala ndi kutopa. Zinthu zawo ndi nkhata, matekenya m'zala za kumapazi, ufa wochepa, katundu wa pamutu. Mwachitsanzo, mzere woti "Imfa yoopsa inasesa ngwazi zathu" ukhoza kukhala wotere:

Pamtsinje katundu wake tinagawana atatu,
nkhata yake ndinatenga ine, inali ikadali yofunda.

Mawu oti imfa mulibe. Kufunda kwa nkhatayo kukunena kuti wangogwa kumene, ndipo kugawana katunduyo kukunena kuti ulendo sunaime.

Anthu akamva malangizo otere amapitirira muyeso, n'kudzaza ndime iliyonse ndi matumbo, mafinya ndi mphutsi. Bala lachitatu wowerenga salimvanso. Pa ndime imodzi, chinthu chimodzi chowawa n'chokwanira, zotsalazo zikhale zamasiku onse monga kuphika kapena kumanga mtolo. Cholakwika china ndi kuwonjezera mzere wotanthauzira, monga "Ha, nkhondo ndi yankhanza!" pambuyo pa nkhata ija. Njira yodziwira ndi iyi: muwerengereni munthu mokweza, mumufunse chimene waona. Akati "inali yachisoni", ntchito ikadalipo. Akatchula nkhata, ndimeyo isiyeni mmene iliri, mupite ku yotsatira.