Kalata yopempha kusintha ndondomeko yobwezera ngongole

"Ndili ndi ngongole ku banki, ndimabweza K120,000 pamwezi. Kuntchito atichepetsera malipiro, sindikwanitsanso. Ndiwalembere bwanji?"

Achimwene, lembani imelo tsiku lobweza lisanafike, chifukwa mukangophonya kamodzi, chindapusa chimayamba kuwerengedwa ndipo dzina lanu lingathe kupita kwa osunga mbiri ya angongole. Pamutu ikani nambala ya ngongoleyo. Chifukwa cha pempho lanu chineneni mwachidule, zoona zokhazokha. Akafuna umboni, bodza limaonekera pa sitetimenti.

Mtima wa kalatayo ndi manambala. "Mundithandizeko" sapita nayo patali. Tinene kuti kwatsala miyezi 10. Lembani chonchi:

"Kuyambira mwezi wa Juni malipiro anga atsika, ndipo kalata ya abwana anga ndaiphatikiza. Ndikupempha kuti kwa miyezi 4 ndizibweza K70,000 m'malo mwa K120,000, kenako ndibwerere pa K120,000. K200,000 yotsalirayo ndidzaimaliza m'miyezi 2 yowonjezera kumapeto. Chonde munditumizire ndondomeko yatsopano yosonyeza chiwongoladzanja chonse."

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Kutalikitsa nthawi kumakweza chiwongoladzanja, ndiye muone ndalama yonseyo musanasaine. Musalonjezenso ndalama yongowasangalatsa; K70,000 ikhale yoti mukachotsa lendi ndi chakudya ikutsaladi, poti kuphonya ndondomeko yomwe mwapempha nokha kumatseka khomo.

Podikira yankho pitirizani kulipira zomwe mungathe, ndipo "tavomera" wapafoni asakukwanireni, akulembereni.