ROE ya 35 peresenti: funsani kaye kuti katunduyo anagulidwa ndi ndalama za yani

"Zikomo achimwene. Ndikufuna kugula masheya ndipo ndayerekeza makampani awiri. Ina ROE yake ndi 35 peresenti, inayo 21 peresenti. Mnzanga akuti ndisathamangire ya 35 chifukwa ili ndi ngongole zambiri. Nanga ngongole ikukhudzana bwanji ndi phindu?" Wowerenga wa ku Zomba.

Achimwene, mnzanuyo musamutaye. ROE, kapena kuti return on equity, ndi nambala yoonetsa phindu limene ndalama za eni kampani zabala. Amaipeza motere:

```
ROE = net profit / shareholders' equity
```

Pamwambapo ndi phindu lotsala kampani ikalipira zonse, msonkho ndi chiwongoladzanja zomwe. Pansipo ndi mpamba wa eni ake, kutanthauza katundu yense wa kampani mutachotsapo ngongole. Ndiye kuti nambalayi imakwera phindu likakula, komanso imakwera mpamba wa eni ake ukachepa. Ngongole imalowera khomo lachiwirili.

Tiyerekeze makampani awiri ogaya ufa. Iliyonse ili ndi zigayo, magalimoto ndi chimanga za K100 miliyoni, ndipo iliyonse yapanga K30 miliyoni pachaka isanalipire banki ndi msonkho. Yoyamba zonse inagula ndi ndalama za eni ake. Ikapereka msonkho wa 30 peresenti imatsala ndi K21 miliyoni, ROE yake n'kukhala 21 peresenti.

Yachiwiri eni ake anaponyamo K20 miliyoni yokha, K80 miliyoni anakongola ku banki pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti. Banki itenga K20 miliyoni, patsala K10 miliyoni, msonkho udyapo K3 miliyoni, phindu ndi K7 miliyoni. Ligaweni ndi kampamba ka K20 miliyoni kaja, mupeza 35 peresenti. Zigayo ndi zomwezo, ufa wogulitsidwa ndi wofanana, phindu lachepa kuchoka pa 21 kufika pa 7, koma papepala ndiyo ikuoneka yochangamuka.

Sikuti ndi bodza ayi. Kwacha iliyonse yobwereka yabala matambala 30 pamene banki ikufuna 25, ndipo asanu otsalawo akugwera eni ake. Vuto ndi lakuti 25 wa bankiyo sadziwa chilala, pamene 30 uja amasintha chaka ndi chaka.

Chibwere chaka choti magetsi akuzimazima, chimanga chakwera mtengo, kampani iliyonse yangopanga K15 miliyoni. Yopanda ngongole itsala ndi K10.5 miliyoni, ROE yatsika kufika pa 10.5 peresenti, eni ake adandaula koma agona tulo. Ya ngongole ikuyenera kupereka K20 miliyoni ku banki pamene yapeza 15. Yaluza K5 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo anayi a mpamba wonse, m'chaka chimodzi. Zaka zinayi zotere, eni masheya alibe kanthu. Ndipo ndaikomera mtima poganiza kuti chiwongoladzanja sichinasinthe, chifukwa ngongole zambiri kuno zimakwera Reserve Bank ikakweza chake. Ikakhala ya madola ndiye zina: kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole zotero zinatupa usiku umodzi.

Zimenezi zinagwetsapo zimphona. Banki ya Lehman Brothers ku America inapanga phindu la madola pafupifupi 4.2 biliyoni mu 2007, ROE yake inali cha m'ma 20 peresenti. Koma katundu wake anali wochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi mpamba wa eni ake. Kutsika kwa mtengo wa katunduyo ndi 3 kapena 4 peresenti kunali kokwanira kufafaniza mpamba wonse. Pa 15 Seputembala 2008 inagwa.

Tsono tsegulani malipoti a pachaka a makampani anuwo. Tengani `total assets`, amene ndi katundu yense, muwagawe ndi `total equity`, umene ndi mpamba wa eni ake. Kwa ogaya ufa athu, yoyamba ipereka 1, yachiwiri 5. Kenako gawani phindu ndi katundu yense m'malo mwa mpamba: yoyamba 21 peresenti, yachiwiri 7. Apo chigoba chavuka. Ine chimene ndimayang'ana kwambiri ndi ichi: phindu la kampani isanalipire banki likuposa chiwongoladzanja kangati? Ya ngongole ija, m'chaka chabwino, ndi 30 kugawa ndi 20, kamodzi ndi theka basi. Ikakhala pansi pa kawiri ine mtima sukhala m'malo.

Simunanditchulire kuti makampaniwo amachita zotani. Ngati imodzi ndi banki, monga National Bank kapena Standard Bank, musaiyerekeze ndi Illovo kapena TNM. Ndalama zimene timasungitsa ife ndi ngongole kwa banki, motero nambala ya katundu kugawa ndi mpamba imakhala yaikulu mwachibadwa. Banki iyerekezeni ndi banki inzake, ndipo muone ROE ya zaka zisanu zotsatizana, kuphatikizapo 2023.