Ganyu ya mwana wa sukulu: fodya ayi, golosale inde koma muwerenge maola

"Ndine mayi wa ku Kasungu. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 15, ali Fomu 2 pasukulu yoyendera. Ndalama ya yunifolomu, nsapato ndi makope ikutivuta. Mlimi wina kwathu kuno wati azikathyola ndi kusoka fodya akaweruka komanso Loweruka. Alamu anga nawonso ati atha kumakawathandiza kugolosale kwawo mpaka 8 koloko usiku. Mlongo wake wa zaka 13 akumufuna kutauni kuti akalere mwana. Aphunzitsi akuti zonsezi n'zoletsedwa, chonsecho ife tinakula tikugwira ntchito. Zoona zake n'ziti?"

Mayi, aphunzitsiwo sakunama, koma si zonse zitatuzi zimene zili zoletsedwa. Ya fodyayo ikaneni. Ya kutauniyo ikaneninso. Ya kugolosale ndi imene tingakambirane, bola alamu anuwo avomere kusintha nthawi yowerukira.

Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limagawa ana pawiri. Mwana amene sanakwanitse zaka 14 saloledwa kulembedwa ntchito, kaya kumunda wa munthu, kufakitale kapena pabizinesi ina iliyonse. Kuyambira zaka 14 mpaka atakwanitsa 18 atha kugwira ntchito, koma isakhale yowononga thanzi lake, yomuika pangozi, yoipitsa khalidwe lake kapena yomujombetsa kusukulu. Lamuloli silikunena za kutunga madzi, kusesa pabwalo kapena kupalira nawo chimanga chanu tsiku lopanda sukulu. Zimene munakula nazozo n'kulera mwana, ndipo palibe akukuletsani. Nkhani imasintha mwana akayamba kugwirira munthu wina amene akupezerapo phindu, kapena ntchitoyo ikakhala yoopsa.

Mnyamata wanu ali m'gulu lachiwirilo. Ndiye funso si lakuti agwire kapena asagwire, koma agwire ntchito yanji, kwa maola angati, nthawi yanji.

Mu 2012 boma linatulutsa mndandanda wa ntchito zoopsa zimene munthu wosakwana zaka 18 sayenera kugwira, ndipo fodya alimo. Ndikudziwa kuti ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Rumphi mawu amenewa amamveka ngati a anthu a m'maofesi osadziwa za kumudzi, choncho ndifotokoze chifukwa chake. Tsamba la fodya wamuwisi lili ndi nikotini, poizoni yemwe uja amapezeka mu ndudu. Tsambalo likanyowa ndi mame kapena mvula, nikotiniyo amasungunukira m'madziwo n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Taonani mmene wothyola fodya amagwirira: amalawira mame asanaume, amathyola masamba n'kumawapanira kukhwapa, malaya amanyowa n'kumatirira pathupi, manja amada ndi utomoni. Malo onsewo ndi polowera. Thukuta ndi kutentha kwa dzuwa zimangofulumizitsa kalowedwe kake.

Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, mseru, kusanza, kufooka, nthawi zina kupweteka m'mimba. Zimayamba pakapita maola angapo, kawirikawiri madzulo mwana atabwerera kale kunyumba, n'chifukwa chake makolo ambiri amangoti ndi malungo kapena wadya zoipa. Mukaona mwana wachokera m'munda wa fodya n'kuyamba kusanza, malungo atayezedwa osapezeka, ganizirani za fodyayo. Amuvule zovala zonyowazo, asambe ndi sopo, amwe madzi ambiri, ndipo kusanza kukapitirira mupite naye kuchipatala n'kukanena kumene anali. Wamkulu nayenso amadwala matenda amenewa, koma mwana thupi lake ndi laling'ono ndipo ubongo wake ukukulabe, choncho mlingo womwewo wa poizoni umamupweteka kwambiri.

Mwina mlimiyo anena kuti, "Chabwino, asathyole, azingosoka m'chigafa." Kusoka n'kugwirabe tsamba lauwisi ndi manja kwa maola ambiri. Kusankha fodya wouma nakonso kuli ndi fumbi lake lolowa m'chifuwa. Ndiye pali mankhwala opopera kunazale ndi kumunda, amene kuwagwira kokha n'koletsedwa kwa mwana pa mbewu ina iliyonse, osati fodya yekha. Palibe mbali ya ntchito imeneyi imene ndingakuuzeni ndi mtima woyera kuti mwana wa zaka 15 aigwire. Onaninso nyengo yake: kuthyola kumachitika kuyambira cha mu Januwale mpaka Malichi, m'kati mwenimweni mwa temu yachiwiri, pomwe wa Fomu 2 ali ndi mayeso a JCE patsogolo pake. Fodya akakhwima sadikira kuti mwana aweruke. Lero amupempha kuti ajombe tsiku limodzi, sabata yamawa masiku awiri.

Ntchito zina za pamndandandawo n'zosadabwitsa: kukumba miyala ndi migodi, ntchito zoopsa za pamalo omanga nyumba, usodzi wa pakati pa nyanja, kuyendetsa makina oopsa, kunyamula katundu wolemera kwambiri, ndiponso kugwira ntchito m'mabala ndi malo ena omwera mowa. Zomalizirazi zikukhudza golosale ya alamu anu. Ngati kuseri kwake kuli benchi pomwe anthu amakhala n'kumamwa, malowo salinso golosale wamba, ndipo mnyamatayo asakhalepo.

Tinene kuti ndi golosale yeniyeni, ya sopo, shuga, mchere, mafuta ophikira ndi mabisiketi. Kugulitsa, kubweza chenji, kulemba ngongole m'kope ndi kukonza katundu pamashelefu ndi ntchito yopepuka, ndipo imaphunzitsa masamu ndi kulankhula ndi anthu. Apa chimene chimalamula ndi wotchi. Mwana wosakwana zaka 18 asapitirire maola 40 pa sabata, pomwe wamkulu malire ake ndi 48. Koma wa pasukulu malire ake ndi ocheperapo: maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo 40 amaloledwa pa sabata ya holide yokha. Pa tsiku la sukulu limene mawa lake kulinso sukulu asapitirire maola 3. Pa tsiku la sukulu limene mawa lake kulibe sukulu, monga Lachisanu, asapitirire maola 4. Usiku n'koletsedwa: kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 5 koloko m'mawa mwana asakhale pantchito.

Tiyeni tiwerengere limodzi zimene alamu anu apemphazo. Mnyamatayo akafika kugolosale 3 koloko masana n'kuweruka 8 koloko usiku, ndiye kuti wagwira maola 5. Masiku asanu a sukulu akwana maola 25, Loweruka tisanaliwerengere n'komwe. Loweruka akatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 8 koloko usiku ndi maola 13 ena, onse pamodzi 38. Apa malamulo atatu aphwanyidwa: la maola a pa tsiku, la maola a pa sabata ndi la usiku. Ndipo mwana woweruka 8 koloko, n'kuyenda mumdima kubwerera kwanu, n'kudya, awerenga nthawi yanji?

Ndondomeko yololedwa ingakhale chonchi. Lolemba mpaka Lachinayi, 3 koloko mpaka 6 koloko, maola 12. Lachisanu, ngati amaweruka msanga kusukulu, 2 koloko mpaka 6 koloko, maola 4, kukwana 16. Otsala ndi maola 4 okha a Loweruka, monga 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Lamulungu apume. Amenewo ndi malire a lamulo, si mlingo umene ine ndingasankhire mwana wa kalasi ya mayeso. Ndikanakhala inu ndikanati Lachisanu masana ndi Loweruka basi, maola osapitirira 10, kenako n'kuwonjezera pa holide yaitali ija ya Ogasiti pomwe atha kugwira tsiku lathunthu n'kupeza ya nsapato ndi yunifolomu sukulu isanatsegulire mu Sepitembala. Maola 20 pa sabata kwa mwana amene amayenda wapansi mtunda wautali kupita kusukulu ndi ambiri ndithu.

Chifukwa ndi pachibale, nkhani ya malipiro imakonda kusiyidwa m'malere, mapeto ake mwana amalandira sopo ndi mawu othokoza. Khalani pansi inu, bambo ake ngati alipo, ndi alamu anuwo, mugwirizane masiku, maola ndi ndalama, n'kuzilemba papepala. Auzeninso kuti lamulo limafuna aliyense wolemba ntchito munthu wosakwana zaka 18 akhale ndi kaundula wa ana oterowo, ndipo wophwanya malamulo okhudza ana atha kulipitsidwa chindapusa ndi kumangidwa mpaka zaka zisanu. Musawauze mowaopseza, ambiri sadziwa chabe. Ndipo matumba a shuga, mchere kapena feteleza akabwera pagalimoto, otsitsa akhale akuluakulu. Thumba la makilogalamu 50 lingafanane ndi kulemera kwa mnyamatayo mwini wake.

Akayamba, muziyang'anira zinthu zitatu izi: makope ake ngati akulembamo notsi tsiku lililonse, zotsatira za mayeso a pakati pa temu, ndi zimene aphunzitsi ake akunena zoti amasinza kapena kuchedwa. Chimodzi chikatsika, maola achepe sabata yomweyo, osadikira kutha kwa temu.

Za mtsikanayo ndinene mosapita m'mbali: asapite. Ali ndi zaka 13, sanafike ngakhale pa msinkhu wolembedwa ntchito yopepuka, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati sukulu ya pulayimale ndi yokakamiza. Anthu ofuna atsikana olera ana amakonda kunena kuti ntchito ya m'nyumba lamulo siliikhudza, chifukwa ndime ya zaka 14 ija imapatula ntchito zogwiridwa m'makomo. Mpata umenewo ulipodi m'mawu a lamulolo, koma malamulo aakulu a dziko amateteza mwana aliyense wosakwana zaka 18 ku ntchito yomudyera masuku pamutu kapena yosokoneza maphunziro ake. Wolera mwana amadzuka anthu onse asanadzuke, amagona onse atagona, alibe ola loweruka, ndipo ali m'nyumba ya eni kutali ndi inu, komwe chikamuchitikira alibe womuuza. Lonjezo loti "tikamulembetsa sukulu konkuno" limamveka bwino pakhomo panu, koma funsani kuti iye akakhala m'kalasi, khandalo likhala ndi yani. Yankho lake ndi limene lingakuuzeni zoona.

Mlimi uja kapena anthu a kutauniwo akapitiriza kukukakamizani, kapena mukadziwa mwana wina amene ali kale m'zoterezi, pitani ku ofesi ya za ntchito paboma pa Kasungu kapena kwa a zachisamaliro cha anthu. Muthanso kuimba nambala yaulere yothandizira ana ya 116. Kwa alamu anu pitani ndi pepala la maola lija sabata ino, mnyamatayo asanayambe, chifukwa akazolowera kumusiyira golosale mpaka usiku kudzavuta kubweza.