Ndalama zodulidwa pa foni: kodi ku MACRA ndilembe zotani?

"Ndili ku Bangula. Ndinatumiza K45,000 kwa mayi anga ku Ngabu, ndalama zinadulidwa koma sizinafike, ndipo kampani ya foni ikungondiuza kuti ndidikire. Kodi ku MACRA ndingadandaule bwanji?"

Achimwene, musanalembe kalata, imbiraninso kampaniyo ndipo muumirire kuti akupatseni nambala ya dandaulo lanu, chifukwa a MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, amayamba afuna umboni woti munadandaula kaye ku kampani koma simunathandizidwe. Kudandaula kwa ejenti wa pamsika sikukwanira, popeza iye salemba dandaulo m'kaundula wa kampani.

M'kalatamo mulembe tsiku ndi nthawi yomwe munatumiza, ndalamazo pamodzi ndi yolipirira kutumiza, nambala zonse ziwiri za foni, komanso nambala ya ntchitoyo imene imalembedwa `Trans ID` kapena `Ref` mu uthenga umene munalandira mutatumiza. Uthengawo musaufute. Pemphaninso sitetimenti yanu ndi ya mayi anu, pakuti ndi zimene zingaonetse kuti K45,000 inatuluka koma sinalowe kwa iwo. Ikaoneka kuti inapita pa nambala ina, ndiye kuti munaphonya nambala, ndipo imeneyo ndi nkhani yosiyana.

Ine ndikanatumizanso kalata yomweyo ku Reserve Bank of Malawi, chifukwa ndiyo imayang'anira ndalama za pa foni. PIN yanu musailembe paliponse.