Funsani kaye ngati lole ikubwerera yopanda katundu

"Abale, abwana andituma ndiyerekeze mpweya wa kaboni umene lole, sitima yapamtunda, sitima yapamadzi ndi ndege zimatulutsa ponyamula tani imodzi kwa kilomita imodzi. Ndigwiritse ntchito manambala ati?"

Achimwene, mndandanda wake sukayikitsa. Ndege ndiyo imaposa zonse, magalamu 500 mpaka kupitirira 1,000 a CO2 pa tani iliyonse pa kilomita. Lole yaikulu imakhala cha m'ma 60 mpaka 120, sitima yapamtunda ya dizilo cha m'ma 20 mpaka 30, ndipo yapamadzi ya makontena 10 mpaka 20. Aliyense wongokupatsani nambala imodzimodzi sakukuthandizani mokwanira, chifukwa manambala amenewa amasintha kwambiri malinga ndi kudzaza kwa galimotoyo.

Ine ndimadziwa za malole, ndiye ndikhazikika pamenepo. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a CO2. Tiyerekeze kuti lole yanyamula matani 25 ndipo ikumwa malita 35 pa makilomita 100. Mpweya wake ndi makilogalamu 94.5. Muchulukitse matani 25 ndi makilomita 100, zikupatsani 2,500. Mukagawa mpweyawo ndi 2,500, mupeza magalamu 38 pa tani iliyonse pa kilomita, nambala yosangalatsa ndithu.

Koma loleyo iyenera kubwerera. Ikabwerera yopanda kanthu imamwabe mafuta, tinene malita 25, ndipo mafuta amenewo amawerengeredwa pa katundu wanu yemweyo. Malita onse akhala 60, mpweya makilogalamu 162, ndipo nambala ija yakwera kufika 65. Mukanyamula matani 10 okha, kupita ndi malita 30 n'kubwerera ndi 25, mwafika pafupifupi 150. Lole ndi yomweyo, msewu ndi womwewo.

Kampani ina yamtengatenga inatipatsapo nambala ya 40, tinasangalala, lipoti n'kupita kwa kasitomala. Atafunsa malisiti a mafuta, zinadziwika kuti anawerengera ulendo wopita wokha, komanso ngati lole yadzaza nthawi zonse. Lipoti lonse linabwezedwa. Kuyambira pamenepo, wondipatsa nambala ya lole yochepera 50 ndimamufunsa malita enieni amene anathira, matani enieni amene anapimidwa pa sikelo, ndi makilomita amene inayenda yopanda katundu. Akamazemba kuyankha, nambalayo sindiigwiritsa ntchito.

Chenjeraninso ndi kusakaniza manambala ochokera kosiyanasiyana. Ena amawerengera utsi wotuluka mu injini wokha, ena amaphatikiza mpweya wotuluka pokumba, poyenga ndi ponyamula mafutawo. Muyezo wapadziko lonse wowerengera mpweya wa zamtengatenga, wa ISO 14083, umafuna kuti zonsezi ziphatikizidwe, choncho tengani manambala onse anayi pamalo amodzi otsatira muyezowu.

Ndipo musaiwale kuti sitima siifika pakhomo pa kasitomala. Katundu akatsika padoko kapena pasiteshoni amakweranso lole, ndipo chigawo chimenecho muchiwerengere pachokha n'kuchiphatikiza pa ulendo wonse.