Kankhani ka mnyamata amene minibasi yomaliza idamusiya

"Anzanga, aphunzitsi atiuza tilembe kankhani kakafupi m'nthawi yakale, ka mnyamata wosiyidwa ndi minibasi yomaliza. Andibwezera kawiri, akuti nthawi za aneni ndikuzisokoneza. Ndithandizeni."

Achimwene, pepala lanulo sindinalione, koma ndikhoza kulosera pamene mukugwera. Ambiri amayamba bwino ndi "adapita", kenako nkhani ikafika pokoma amangozindikira alemba "akuthamanga" ngati akufotokoza mpira wa pawailesi. Sankhani -da- kapena -na- pachiyambi pomwe, musasinthenso. Ine ndimakonda -da-, chifukwa "anapita" polankhula timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu ngati ndi za lero kapena za kalekale, pomwe papepala kakwezedweko sikaoneka. Onani aka:

Lachisanu lija Tiyanjane adachedwa pa Nchalo. Amayi ake adali atamutuma kukagula mankhwala a agogo, ndipo mzere udali wautali. Pamene ankatuluka m'sitolo, dzuwa linkalowa koma nthaka inkatenthabe kumapazi. Atafika pasiteji adangoona nyali zofiira za minibasi ya ku Ngabu zikuzimirira mumdima. Adathamanga, adakuwa, patapata mmodzi n'kuduka, koma kondakitala sadacheuke.

"Ukupita kuti usiku uno, mwanawe?" adafunsa mayi wina amene ankalongedza mandasi otsala m'ndowa.

"Ku Ngabu, amayi. Agogo akudikira mankhwala."

Wakabaza adatchula mtengo, Tiyanjane adawerenga ndalama zake kawiri, sizidakwane. Mayi uja adamupatsa mandasi awiri ndi chitenje, n'kumusiya m'manja mwa mlonda wa pagolosale. Usiku wonse udzudzu unkalira m'makutu, iye atafumbatira mankhwala aja pachifuwa. Tambala woyamba atalira, adamva woitanira akukuwa, "Ngabu, Bangula, Nsanje!"

Tsono taonani mmene aneni agawanirana ntchito. -da- akunyamula zimene zidachitika kamodzi n'kutha: adathamanga, adakuwa. -nka- ndi wa zimene zinali m'kati mochitika, monga dzuwa lolowa ndi udzudzu uja. Mukalemba "udzudzu udalira", ndiye kuti udalira kamodzi n'kukhala chete, ndipo aliyense wagonapo kuchigwa kuno akusekani. "Adali atamutuma" akubwerera m'mbuyo, kutiuza zimene zidachitika nkhani isadayambe.

Pokana, mneni wa -da- amathera ndi -e: sadacheuke, sizidakwane. "Sadacheuka" aphunzitsi adzakudulirani ndi cholembera chofiira.

Mwina mufunsa kuti nanga "zikuzimirira" ndi "akukuwa" zalowamo bwanji, poti ndaletsa -ku-. Amenewa atsamira pa "adangoona" ndi "adamva", ndiye nthawi yakale aitenga kwa aneni amenewo. Mawu a m'kamwa mwa anthu nawonso amakhala mmene adayankhulidwira, chifukwa mayi wa mandasi sakadafunsa mwana ali pamaso pake kuti "udapita kuti".

Musakopere kangaka, aphunzitsi ena ali m'gulu momwe muno. Sinthani siteji, muike Dyeratu kapena Thabwa, ndipo mnyamata wanuyo mumupezere chake chomuchedwetsa.