Musanafufute laputopu, tulutsani mafayilo ndi makiyi

"Abale, laputopu yanga ya Windows 10 ikuchedwa zedi, ndikufuna kuifufuta ndiikemo Windows mwatsopano. Mafayilo ndasamutsira ku D:. Pali china ndaiwala? Nanga Office abwerera?"

Achimwene, dikirani kaye, musayambe lero. M'malaputopu ambiri C: ndi D: zili ngati zipinda ziwiri za nyumba imodzi, disiki yake ndi imodzi yomweyo. Poika Windows mudzafika pamene zilembo zija sizioneka, pamangolembedwa Drive 0 Partition 2, Drive 0 Partition 3. Ine pamenepo ndinafufuta yolakwika, zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga zinapita ndikuona ndi maso anga. Mpaka lero zimandiwawa. Pezani hadidiraivi yakunja, ngakhale yobwereka, mukoperemo mafayilo a ku D: aja.

Koperani foda yanu yonse ya mu `C:\Users`, osati Documents yokha. M'menemo muli foda yobisika ya AppData, imene imaoneka mukachonga Hidden items pa View, ndipo mapulogalamu ambiri amasunga zinthu zawo mmenemo. Koma mapasiwedi a mu Chrome sadzatseguka mukangokopera fodayo, chifukwa amamangidwa ku akaunti ya Windows wakaleyo. Atulutseni padera kapena yatsani Sync. Mukamaliza, dinani Properties mbali zonse ziwiri muone ngati chiwerengero cha mafayilo chikuyandikana, kenako kalumikizeni hadidiraiviyo pa kompyuta ya mnzanu, mutsegule zithunzi ndi makalata angapo. Zikatseguka, muizule muiike patali.

Za kiyi ya Windows musade nkhawa kwambiri. Pitani ku Settings, Update & Security, Activation. Pakalembedwa "Windows is activated with a digital license", ndiye kuti Microsoft ikuidziwa kale laputopuyo. Poika mwatsopano sankhani "I don't have a product key", ikalowa pa intaneti idzadzitsimikiza yokha. Chofunika ndi mtundu: ngati inali Home ikani Home, mukaika Pro ikana. Kuti mtima ukhale pansi, lembani izi mu PowerShell:

```
(Get-CimInstance SoftwareLicensingService).OA3xOriginalProductKey
```

Ikatulutsa zilembo ndi manambala 25, imeneyo ndi kiyi imene opanga anaikiratu mu laputopumo. Ijambuleni ndi foni. Ikapanda kutulutsa kanthu, ndiye kuti simunaikidwe yotero, dalirani zimene mwaona pa Activation paja.

Office ndiye amene amaliza anthu. Sabwerera yekha, ndipo kompyuta imangoonetsa zilembo 5 zomaliza za kiyi yake, zomwe simungaikire nazo. Lowani pa `account.microsoft.com` ndi imelo imene munagulira, muone ngati Office akuoneka pamenepo. Akaoneka, mudzamutsitsa pomwepo. Akapanda kuoneka, funani kakhadi kapena imelo imene inabwera ndi kiyi. Ngati anakuikirani ndi amene anakugulitsani laputopuyo, aimbireni lero lomwe akupatseni kiyiyo Office akadagwira ntchito.